Momwe mungawerengere zithunzi za apu ya sitoko kuti mudziwe katundu wotsala ndi zoyenera kuoda

Eni magolosale ambiri sakhala pakauntala tsiku lonse. Wina ali ku ntchito ku Lilongwe pomwe golosale yake ili ku Mponela, ndipo chimene amaona ndi zithunzi za pafoni zimene wogulitsa amamutumizira pa WhatsApp kuchokera mu apu yolembera katundu. Vuto la zithunzizi n'lakuti nambala imene mukuiona ndi ya nthawi imene chithunzicho chinajambulidwa. Pamene mukuchitsegula, makasitomala agula kale zina. Tiyenda ndi chitsanzo cha golosale imodzi yongoyerekeza, imene imatseka Lamulungu ndipo katundu wake amafika Lachisanu madzulo kuchokera ku holoselo. Mayina a pasikirini ndatenga a apu ya Loyverse, koma ma apu ena amalemba zofananirapo.

Choyamba: funsani nthawi imene chithunzi chinajambulidwa

Pamwamba pa chithunzi pamaoneka wotchi ya foni, koma deti silioneka. Nthawi imene uthenga wafika pa WhatsApp musaidalire, chifukwa wogulitsa atha kujambula m'mawa n'kudzatumiza usiku atapeza bandulo. Muzoloweretseni kulemba tsiku ndi nthawi pansi pa chithunzi chilichonse. Mufunsenso ngati foni inali pa netiweki. Apu imalola kugulitsa netiweki palibe, koma malisiti amenewo amadikira m'foni mpaka italumikizana, ndiye chithunzi chojambulidwa pa foni ina chimaonetsa katundu wambiri kuposa amene alipo.

Onetsetsaninso kuti mitu ya pamwamba pa mizere sinadulidwe. Nambala 46 yopanda mutu ikhoza kukhala katundu wotsala kapena wogulidwa. Ngati manambala akuoneka mwa chimbuuzi, chithunzicho achitumizenso ngati Document kuti WhatsApp isachifinye.

Chachiwiri: pemphani zithunzi ziwiri

Chithunzi cha katundu wotsala pachokha sichikuuzani kanthu. Mapaketi 46 a shuga ndi ambiri kwa golosale ya m'mudzi, koma ndi a masiku atatu okha kwa ya pamsewu. Mukufunika mndandanda wa katundu pamene pali In stock, komanso lipoti la Sales by item la masiku 7 apitawa, pamene pali Items sold. Pa chithunzi chachiwirichi madeti aoneke, chifukwa ndi zosavuta kuti munthu asiye pa Today inu n'kumaganiza kuti ndi malonda a sabata yonse.

M'chitsanzo chathu zithunzi zinajambulidwa Lolemba 8 koloko m'mawa, golosale ikungotsegulidwa, ndipo inu mukuziona Lachiwiri usiku. Zikuonetsa izi:

```
Item          In stock   Low stock   Items sold
Shuga 1kg        46         20           84
Mafuta 2L        14          6           15
Polishi           4          5            1
Mazira          -12         30          310
```

Maso amathamangira pa polishi, chifukwa watsika kuposa malire a Low stock ndipo apu yachenjeza. Shuga akuoneka kuti ali bwinobwino. Zoona zake n'zosemphana ndi zimenezo.

Chachitatu: sandutsani manambala kukhala masiku

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pezani kaye kuchuluka kwa zogulidwa pa tsiku, ndipo pogawa werengani masiku okhawo amene golosale inali yotsegula. Shuga anagulidwa mapaketi 84. Mukagawa ndi 7 mupeza 12, koma golosale yathu imatseka Lamulungu, ndiye mugawe ndi 6 ndipo mupeza 14 pa tsiku. Kusiyana kwa mapaketi awiri kumaoneka kochepa, koma pa sabata ndi mapaketi 12, kupitirira theka la belo la mapaketi 20.

Kenako kalambitsani chithunzicho. Chijambulidwireni, golosale yagulitsa Lolemba lonse ndi Lachiwiri lonse, amene ndi mapaketi 28. Chotsani pa 46, atsala 18. Ndiye kuti shuga wadutsa kale malire a 20 aja, ngakhale chithunzi chili m'manja mwanu sichikuchenjeza.

```
otsala lero = In stock - (pa tsiku x masiku adutsa)
masiku otsala = otsala lero / pa tsiku
```

Mapaketi 18 pa liwiro la 14 pa tsiku ndi tsiku limodzi ndi kachigawo. Shuga atha Lachinayi m'mawa, pomwe galimoto ya katundu ifika Lachisanu madzulo. Masiku atatu amene atsalawa akufuna mapaketi 42, inu muli ndi 18, ndiye mwaperewera 24. Kasitomala amene wabwerera chifukwa cha shuga amakagula buledi ndi majarini komweko kumene wapeza shugayo, choncho ndi bwino Lachitatu m'mawa wogulitsa akapikule belo limodzi pafupi, ngakhale phindu lake likhale lochepa. Belo la mapaketi 20 likufikitsani pa 38, pafupifupi mpaka galimoto ifike.

Polishi uja mumusiye. Timabotolo 4 togulidwa kamodzi pa sabata ndi ta mwezi wathunthu. Malire a Low stock amaikidwa ndi munthu, nthawi zambiri tsiku lomwe ankalowetsa katunduyo mu apu koyamba, ndipo ambiri sabwererakonso. Ine ndimawatenga ngati belu chabe londiuza kuti ndiyang'ane. Mukafuna kuti akhale ndi tanthauzo, chulukitsani zogulidwa pa tsiku ndi masiku amene katundu amatenga kuti afike, n'kuwonjezerapo za masiku awiri. Kwa shuga wathuyu, masiku atatu odikira ndi awiri owonjezera ndi mapaketi 70, ndiye 20 ija inali yotsika kwambiri.

Mafuta ophikira ali ndi msampha wina. Mabotolo 15 pa masiku 6 akuoneka ngati awiri ndi theka pa tsiku, ndipo 14 otsalawo angakufikitseni Lachisanu mosavuta. Koma mufunseni wogulitsa ngati mafutawo analipo sabata yonse. Tiyerekeze kuti anatha ndipo anafika Lachinayi m'mawa ndi munthu wina. Ndiye kuti mabotolo 15 aja anagulidwa m'masiku atatu okha, asanu pa tsiku. Lipoti limangowerenga zimene zagulidwa, anthu amene anafunsa n'kubwerera chimanjamanja sililemba. Pa liwiro la 5, Lolemba ndi Lachiwiri zadya 10, atsala 4, ndipo Lachitatu silitha mafuta alipo. Masiku oyamba katundu akangofika anthu amagula mothamanga pang'ono, ndiye mutha kutenga 4 pa tsiku ngati chiwerengero chapakati, komabe yankho ndi lomwelo: mafutanso ndi ofunika msanga.

Chachinayi: manambala okayikitsa musawawerengere masamu

Mazira akuonetsa -12. Palibe alumali limene limasunga mazira ochepera pa ziro. Nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo imatanthauza kuti mwagulitsa zambiri kuposa zimene munalowetsa. Nthawi zina katundu anabwera koma sanalembedwe. Nthawi zina ndi nkhani ya muyeso: wogulitsa analandira mathireyi 10 n'kulemba 10 m'malo mwa mazira 300, pomwe pogulitsa amadina dzira limodzilimodzi. Zomwezi zimachitika ndi belo la shuga, katoni ya sopo, komanso mafuta a m'chigubu amene amagulitsidwa moyeza. Mukaona Items sold ili m'mahandiredi pomwe In stock nthawi zonse imakhala nambala yaing'ono, kayikirani muyeso. Apa yankho ndi kuwerenga mathireyi pamanja n'kukonza nambala mu apu.

Palinso nambala yosasuntha. Ngati sopo anali 60 pa chithunzi cha sabata yatha ndipo lero akadali 60, musafulumire kunena kuti sakuyenda malonda. Mwina mu apu muli mayina awiri a sopo yemweyo ndipo wogulitsa amadina linalo. Katundu amene sanayatsidwe Track stock ndiye apu simuwerengera zotsala n'komwe, ngakhale akugulidwa tsiku lililonse.

Zina apu singazidziwe pokhapokha munthu atazilemba: dzira losweka, paketi yong'ambika, zimene anatenga a kunyumba, ndi ngongole yolembedwa m'kope. Zonsezi zimachititsa kuti nambala ya pafoni ikhale yokwera kuposa ya paalumali, ndipo mpatawo umakula mwezi ndi mwezi. Musanatumize ndalama, sankhani zinthu zitatu zothamanga kwambiri, wogulitsa aziwerenge pamanja potseka, ndipo akutumizireni chithunzi cha alumalilo pamodzi ndi chithunzi chatsopano cha apu. Kusiyana kwa paketi imodzi kapena awiri si kodetsa nkhawa. Koma apu ikanena 18 paalumali pali 9, siyani kaye masamu mufunse kumene kwapita enawo.

Chachisanu: muoda zingati?

Katundu wofika Lachisanu lino ayenera kukufikitsani Lachisanu linalo. Pakati pake pali masiku 6 ogulitsa, kuyambira Loweruka, kudumpha Lamulungu. Shuga ndi 14 kuchulukitsa ndi 6, amene ndi mapaketi 84. Wonjezerani za masiku awiri, 28, poopa kuti galimoto ingachedwe kapena holoselo ingapezeke ilibe. Zonse ndi 112. Chotsani amene adzakhale atatsala tsiku lofika katundu, koma kwa ife sipadzatsala kanthu. Mapaketi 112 ndi mabelo asanu ndi mapaketi 12, ndipo popeza holoselo simatsegula belo, odani 6.

Musaiwale kufunsa ngati pali katundu amene munalipira kale koma sanafike, chifukwa mu In stock simuoneka za m'njira, ndipo apa ndi pamene anthu amaoda kawiri. Yang'ananinso kalendala. Sabata imene mwatengera chiwerengero ikakhala ya pakati pa mwezi pomwe ikubwerayo ndi ya malipiro, kapena ndi nyengo imene alimi akulandira ndalama za fodya, malonda akwera. Bwererani mu lipoti muone sabata yonga imeneyo mwezi watha, mugwiritse ntchito nambala yake.

Ndalama zikachepa, sanjani katundu potengera masiku amene watsala nawo. Mafuta ali ndi tsiku losakwana, shuga ali ndi tsiku ndi kachigawo, mazira akudikira kuwerengedwa, polishi ali ndi mwezi. Yambani ndi mafuta ndi shuga. Ngati ndalama zikungokwana mabelo anayi, amenewo ndi mapaketi 80, osakwana pang'ono sabata yathunthu, ndiye muuziretu wogulitsa kuti Lachitatu la sabata yamawa adzakutumizireni chithunzi china m'mawa kuti mudzaone ngati pakufunika belo lowonjezera Lachisanu lisanafike.