Momwe mungalembere kasitomala imelo yomuuza kuti vidiyo yake mudzaikonza kangati

Amene mumaedita mavidiyo mukudziwa kuti ntchito yambiri imavuta pothera, vidiyo yatha mwatumiza koma mameseji sakutha, lero akuti chotsani apa, mawa wina wa mukomiti akuti bwezeranipo, ndipo ndalama ndi yomweija munagwirizana poyamba. Mankhwala ake ndi imelo imodzi yolembedwa bwino. Titenge chitsanzo cha kwaya ya kutchalitchi yomwe mwaijambula vidiyo ya nyimbo imodzi ya mphindi 4, chifukwa pakwaya pamakhala eni ake ambiri ndiye vutoli limaonekera bwino.

Choyamba, imeloyi muitumize musanayambe kuedita, pamodzi ndi mtengo, dipoziti isanalowe. Mukaitumiza dirafuti itapita kale zimaoneka ngati mwakwiya ndiye mukuika malamulo, pomwe poyambirira munthu amangoti chabwino tamva. Ngati kasitomala wanu ndi wa pa WhatsApp, tumizanibe imelo kenako mukopere mawu omwewo kumeneko, bola pakhale cholembedwa.

Chachiwiri, sankhani nambala ndipo muilembe. Pa vidiyo yaifupi ngati iyi ine ndimaona kuti maraundi 2 ndi okwana, yoyamba ya zinthu zikuluzikulu ngati mashoti omwe sanawakonde, yachiwiri yongosalaza. Musalembe kuti "tidzakonza mpaka mukhutire", mawu amenewa amamveka aulemu koma alibe malire, ndipo pagulu la anthu ambiri sipalephera wina wosakhutira.

Chachitatu, pomwe ambiri amaphonya, fotokozani kuti raundi ndi chani. Kasitomala akamva kuti maraundi 2 ena amaganiza kuti ndi zinthu ziwiri zokha ndiye amadandaula kuti zachepa, ena amaganiza kuti raundi imatha akanena okha kuti yatha. Raundi ndi mndandanda umodzi wa zosintha zonse, wochokera kwa munthu mmodzi, wotumizidwa kamodzi. Mukhale zinthu zitatu kaya 15, ndi raundi imodzi. Muwauzenso chifukwa chake, ambiri sadziwa kuti ngakhale mwangosintha chilembo chimodzi vidiyo imayenera kutulutsidwanso mu pulogalamu, muionerenso yonse kuti palibe chasokonekera, kenako muikwezenso pa intaneti ndi bandulo yanu, ndiye magetsi akazima pakati mwayambiranso. Akamvetsa zimenezi amasonkhanitsa okha zosintha zawo.

Chachinayi, gawani zosinthazo patatu. Pali zolakwika zanu, monga dzina lomwe anakupatsani bwinobwino inu mwalilemba molakwika, kapena milomo sikugwirizana ndi nyimbo, izi mumakonza ulele ndipo sizidya raundi. Pali zosintha zenizeni zomwe zimalowa muraundi, kusinthanitsa shoti ndi ina yomwe inajambulidwa kale, kukulitsa zilembo, kuwalitsa pomwe pada, kufupikitsa poyambira. Ndiye pali ntchito yatsopano yomwe ili ndi mtengo wake. Zili ngati kwa telala, kufupikitsa mkono wa malaya ndi kukonza, koma kunena kuti malayawo asanduke diresi ndi kusoketsa kwina.

Pa vidiyo ya kwaya ntchito yatsopano yomwe imabwera kawirikawiri ndi ya nyimbo. Amabwerera ku situdiyo kukamikisanso, kenako akukutumizirani fayilo ina kuti "ingoikanimo iyi". Ngati liwiro ndi kutalika kwa nyimbo sizinasinthe, mumangochotsa yakale ndi kuika yatsopano, ndi ya mphindi zochepa ndipo ikhoza kulowa muraundi. Koma ngati awonjezera kiyibodi pakati kapena achotsa vesi, mashoti onse kuchokera pamenepo amasuntha, milomo imasiyana ndi mawu, ndipo pomwe munadula motsatira ng'oma sipagwirizananso. Kudziwa kwake nkosavuta, ikani mafayilo awiriwo pa taimulaini, ina pansi pa inzake, muone ngati mafunde a mawu akugwirizana kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Chimodzimodzinso akapempha kuti vidiyo ya 16:9 ya pa YouTube ikhalenso ya 9:16 ya pa TikTok, shoti iliyonse muyenera kuikhazikanso kuti oimba asadulidwe, ndipo pa shoti ya kwaya yonse itandanda anthu oposa theka satuluka.

Imelo yake ikhoza kukhala chonchi, mtengowo ndi chitsanzo chabe muike wanu:

"Zikomo a Tcheya,

Ndathokoza potipatsa ntchito ya vidiyo ya kwaya. Ndisanayambe kuedita ndati ndikufotokozereni za kakonzedwe kake kuti tiyendere limodzi.

Pamtengo womwe tagwirizana muli maraundi 2 okonza. Ndikatumiza dirafuti yoyamba, chonde ioneni ndi akomiti onse, kenako inuyo a Tcheya munditumizire mndandanda umodzi wolemba pasanathe masiku 7. Chilichonse chikhale ndi nthawi yake ya muvidiyo, mwachitsanzo 01:42 muikepo shoti ya amayi m'malo mwa ya woimba kiyibodi. Imeneyo ndi raundi yoyamba, yachiwiri idzayendanso chimodzimodzi. Zomwe mamembala ena anganditumizire paokha ndidzawapempha kuti adutsire kwa inu.

Ndikalakwitsa ine, monga dzina kapena milomo kusiyana ndi nyimbo, ndikonza ulele ndipo sindiwerengera. Kusinthanitsa mashoti omwe tinajambula kale, zilembo ndi kawalidwe zili mkati mwa maraundi. Kujambulanso, kubweretsa nyimbo yosintha kutalika, kupanga vidiyo ina yaifupi kapena yoimirira, komanso kubwezera zomwe munavomereza kale kuti zichoke, ndi ntchito yatsopano ndipo ndidzayamba ndakuuzani mtengo ndisanaigwire. Raundi yachitatu ndi K30,000.

Ngati zili bwino chonde yankhani imeloyi kuti mwavomereza, ndiyambepo."

Mwaona kuti yatchula munthu mmodzi. Ichi musachisiye, chifukwa akwayamasita akhoza kufuna shoti ya oimba tenala pomwe a tcheya akufuna ya abusa pa sekondi yomweyo, ndipo si inu woweruza nkhani imeneyo, akambirane okha abweretse yankho limodzi. Za nthawi ya muvidiyo nazo nzofunika, "paja mayi avala chitenje chobiriwira paja" mukhoza kusaka mpaka kutopa, pomwe 01:42 mumangofikapo. Kuti ziwaphwekere ikani nthawiyo izioneka pakona ya dirafuti, Premiere Pro ndi DaVinci Resolve onse amatha kutero. Mafayilo muziwatchula moti aliyense aone pomwe mwafika, `kwaya_v1.mp4`, `kwaya_v2.mp4`, ndipo muwapatse linki ya Google Drive kapena mutumize ngati Document, chifukwa vidiyo yotumizidwa mwachizolowezi pa WhatsApp imafinyidwa ndiye adzadandaula kuti sikuoneka bwino pomwe vuto si lanu.

Chomaliza ndi kutsatira zomwe mwalemba. Voyisi ikabwera usiku yoti sinthani apa, musatsegule kompyuta, yankhani mwaulemu kuti "ndamva bambo, chonde zipatseni a Tcheya aziike pamndandanda". A tcheya akatumiza mndandanda, musanayambe afunseni kuti "ndi zonse izi, nditseke raundi yoyamba?" ndipo ngati muli chinthu cha ntchito yatsopano chitchuleni pomwepo ndi mtengo wake, osati mutachipanga kale. Potumiza vidiyo yokonzedwa lembani zomwe mwasintha chimodzichimodzi ndi nthawi zake, ndipo pamapeto muike kuti raundi yoyamba yatha, yatsala imodzi, masiku 7 ayamba kuwerengedwa lero.