Kuwerengetsa phindu la nyumba ya lendi ndi zaka zobwezera ndalama zomangira

Eni nyumba ambiri pa Salima, kuyambira ku Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, akafunsidwa kuti nyumba yawo ikuwapatsa zingati, amatchula lendi ya pamwezi n'kuichulukitsa ndi miyezi 12. Masamu amenewo ndi a pakamwa, ndipo amasocheretsa chifukwa nyumba siikhala ndi munthu chaka chonse, komanso wochita lendi salipira mwezi uliwonse monga mwa pangano. Nambala yodalirika imachokera m'kope momwe mwalembedwa ndalama zimene zinalowadi m'manja mwanu ndi zimene zinatulukadi pokonzetsa nyumbayo.

Poyamba mudziwe ndalama zonse zimene nyumbayo inadya kufikira tsiku limene munthu woyamba analowamo. Muphatikize mtengo wa puloti, njerwa, simenti, mchenga, malata, matabwa, malipiro a amisiri, mayendedwe a katundu, chimbudzi ndi bafa, komanso ndalama zolumikizitsa magetsi a ESCOM ndi madzi a Central Region Water Board. Ngati mchenga munatuta nokha kapena njerwa munaumba ndi abale, ziikeni pa mtengo umene mukanalipira munthu wina, chifukwa mukazisiya nyumbayo idzaoneka yotsika mtengo ndipo phindu lake lidzaoneka lalikulu kuposa mmene lilili.

Tiyerekeze ndi nyumba ya zipinda ziwiri zogona ndi balaza pafupi ndi Kamuzu Road. Manambalawa ndi a chitsanzo chabe, inu muikepo anu. Puloti inagulidwa pa K2,000,000 ndipo kumanga ndi kulumikizitsa zonse kunadya K10,000,000, kutanthauza kuti nyumba yonse ndi ya K12,000,000. Lendi ndi K100,000 pa mwezi. Phindu losachotsera kanthu limapezeka pogawa lendi ya chaka chonse ndi mtengo wa nyumba, kenako n'kuchulukitsa ndi 100. Powerengera pakamwa, K1,200,000 kugawa ndi K12,000,000 kumapereka 10 peresenti, ndipo mwini nyumba amaganiza kuti ndalama zake zibwerera m'zaka 10.

Tsopano titsegule kope. Likusonyeza kuti woyamba kukhalamo anasamuka kumapeto kwa Epulo atasiya ngongole ya mwezi umodzi imene sanabwezenso, ndipo nyumba inakhala yopanda munthu mu Meyi ndi Juni. Miyezi yolipiridwa ndi 9 yokha, ndiye kuti ndalama zolandiridwa ndi K900,000. Mukagawa K900,000 ndi K12,000,000 n'kuchulukitsa ndi 100 mupeza 7.5 peresenti. Limeneli ndilo phindu lenileni losachotsera kanthu, ndipo tanthauzo lake n'lakuti pa K100 iliyonse imene munaika m'nyumbayo, chaka chimenecho yabweretsa K7.50 musanakonzetse chilichonse.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza kope la lendi. Ndalama ya chikole imene munthu amasiya polowa, yoti mudzambwezere akamatuluka nyumba ili bwino, si lendi ndipo isawerengedwe pamodzi. Komanso munthu akalipiriratu miyezi itatu mu Disembala, mugawe ndalamazo ku miyezi yake, chifukwa ya Januwale ndi Febuluwale ndi ya chaka chotsatira. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti pa mzere uliwonse m'kope mulembe tsiku lolandira, mwezi umene ndalamayo ikulipirira, ndi nambala ya risiti. Ngati amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, koperani uthengawo m'kope tsiku lomwelo, poti foni imatayika ndipo mauthenga amafufutika.

Phindu losachotsera kanthu limathandiza poyerekeza nyumba ina ndi inzake, koma silikuuzani nthawi imene ndalama zanu zidzabwerere, chifukwa silionetsa zokonzetsa. Kuno kunyanja zokonzetsa si zochepa. Chiswe chimadya mafelemu a zitseko ndi matabwa a kudenga, mphepo yoyambira nayo mvula imazula misomali ya malata, ndipo m'malo a mchenga chimbudzi chokumba chopanda njerwa m'kati chimatha kugumuka m'dzinja. M'chitsanzo chathu kope la zokonzetsa likusonyeza K60,000 ya penti ndi mmisiri wake munthu atasamuka, K45,000 ya felemu la chitseko lodyedwa ndi chiswe, K35,000 yomata denga lodontha, ndi K40,000 yokonzetsa mpope ndi loko. Zonse pamodzi ndi K180,000. Mukachotsa pa K900,000 patsala K720,000, yomwe ndi 6 peresenti ya mtengo wa nyumba.

Zaka zobwezera ndalama zimapezeka pogawa mtengo wa nyumba ndi ndalama zotsala pa chaka. K12,000,000 kugawa ndi K720,000 kumapereka 16.67, kutanthauza zaka 16 ndi miyezi 8. Onani kusiyana kwake ndi zaka 10 zimene tinapeza powerengera pakamwa. Nyumba ndi yomweyo ndipo lendi ndi yomweyo, koma miyezi itatu yosalipiridwa yachotsa K300,000 pamene zokonzetsa zachotsa K180,000. Apa mpamene ndikufuna eni nyumba aganizirepo bwino: m'chitsanzochi kukhala kwa nyumba yopanda munthu kwawononga zambiri kuposa chiswe ndi denga. Mwini nyumbayu akanatsitsa lendi kufika pa K90,000 n'kukhala ndi munthu wolipira mokhulupirika miyezi yonse 12, akanalandira K1,080,000, ndipo atachotsa K180,000 yomwe ija akanatsala ndi K900,000, zimene zikanabweza ndalama zake m'zaka 13 ndi miyezi 4. Ngati mumalipira msonkho wa lendi ku MRA, msonkho wa malo ku khonsolo, kapena munthu wotolera lendi, nazonso muzichotse musanagawe.

Chaka chimodzi chokha sichikwanira kupereka chithunzi choona. Nyumba yatsopano imatha zaka zoyamba osafuna mmisiri, kenako chaka china imafuna zambiri nthawi imodzi. Ngati muli ndi kope la zaka zitatu, phatikizani zokonzetsa zonse n'kugawa ndi 3, ndipo muchite chimodzimodzi ndi lendi yolandiridwa. Musiyanitsenso kukonza ndi kuwonjezera. Kusintha malata odontha ndi kukonza, ndipo kumachotsedwa pa lendi. Kumanga mpanda wa njerwa kumene kunalibe, kapena kuika siling'i, ndi kuwonjezera, ndipo ndalama zake ziphatikizidwe pa mtengo wa nyumba. Mukaika mpanda wa K1,500,000 pa zokonzetsa, chaka chimenecho chidzaoneka ngati munaluza pamene simunaluze.

Malire aakulu a masamuwa ndi kusintha kwa mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, kotero simenti ndi malata zinakwera mtengo kwambiri. Munthu amene anamanga nyumba ngati imeneyi kale ndi K5,000,000 akagawa lendi ya lero ya K900,000 ndi mtengo wakalewo adzapeza 18 peresenti, koma akhala akuyerekeza kwacha ziwiri zosafanana mphamvu. Ngati cholinga chanu n'kudziwa ngati kuli bwino kusunga nyumbayo, kuigulitsa, kapena kumanga ina, gwiritsani ntchito mtengo wa lero. Funsani amisiri awiri kapena atatu kuti kumanga yofanana nayo kungadye zingati, muonjezere mtengo wa puloti wa m'dera lanu panopa, ndipo mugawe lendi ndi nambala imeneyo. Masamuwa muziwabwereza kumapeto kwa chaka chilichonse, komanso musanatenge ngongole yomangira nyumba ina, chifukwa ngati chiwongoladzanja cha ngongoleyo chikuposa peresenti imene nyumba imatsala nayo mutachotsa zokonzetsa, lendi yokha siingathe kubweza ngongole ya mtengo wonse wa nyumbayo ndipo mudzafunika kuonjezera kuchokera m'thumba lina.