Kalata Yopempha Ntchito Yoyendetsa Malonda pa Facebook

Funso: Ndikufuna kulembera mwini shopu kuti ndizimuyendetsera zotsatsa malonda mwezi ndi mwezi. Ndilembemo chiyani?

Yambani ndi cholinga chimodzi chowerengeka, monga anthu 40 ofunsa za katundu pa WhatsApp pamwezi. Musalonjeze kuti katundu agulidwa, chifukwa wofunsa akapanda kuyankhidwa msanga amapita kwina, ndipo kuyankhako ndi kwa mwini shopu.

Kenako siyanitsani ndalama ziwiri: malipiro anu okhazikika, ndi ndalama zopita ku Facebook. Zachiwirizi azilipira yekha ndi khadi lake, pa akaunti ya dzina lake, inu mungopatsidwa chilolezo. Mukaziphatikiza amayamba kukayika kuti mukudyapo.

Lembaninso kuti muyesa limodzi miyezi itatu, lipoti lizibwera pakutha pa mwezi, ndipo wofuna kusiya adziwitse mnzake masiku 30 asanatero.