Kubisa manambala a makhadi mu lipoti la maoda

Ndimasunga maoda pa sitolo yogulitsa katundu wambiri kuno ku Mzuzu, ndipo lipoti la mwezi limapita kwa owerengera ndalama ndi anzathu operekera katundu. Vuto linali loti fayilo ya CSV inkatuluka ndi manambala onse a makhadi ndi maakaunti a makasitomala.

Kungobisa danga mu Excel sikuthandiza, chifukwa wolandira akhoza kulitsegulanso. Choncho ndinawonjezera danga latsopano loti lizionetsa manambala 4 omaliza okha a nambala ya khadi yomwe ili mu D2:

```
=REPT("*",LEN(D2)-4)&RIGHT(D2,4)
```

Poyamba makhadi onse ankathera pa 0. Excel imasunga manambala 15 okha molondola, pomwe khadi ili ndi 16, ndiye yomalizayo imasanduka 0. Akaunti yoyamba ndi 0 nayo inkaduka. Mankhwala ake ndi kulowetsa fayilo kudzera pa `From Text/CSV` n'kuika dangalo kukhala `Text`.

Kenako ndimakopera zotsatirazo ndi `Paste Special > Values`, n'kufufutiratu danga loyamba lija. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa danga loyambalo likatsala ndiye kuti nambala yonse ikadali m'fayilomo. Ndimawerenganso danga la ndemanga, poti ogulitsa ena amalembamo akaunti ya kasitomala, ndipo fomulayi sifika kumeneko.