Malisiti akale akuuzeni shuga woti mupikule

Eni magrosale ambiri amapita ku holoselo ndi ndalama m'thumba, chiwerengero cha katundu n'kukachiganizira pakauntala pomwepo. Mapeto ake shuga amatha Lachinayi, pamene sopo wadzadza pashelefu mpaka kuchita fumbi. Chonsecho yankho lili m'malisiti aja mumawapanikiza pansi pa sikelo.

Tiyeni titenge shuga. Belo limodzi limakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi. Tinene kuti malisiti a masabata anayi apitawa akuonetsa kuti munapikula mabelo 6, omwe ndi mapaketi 120. Poyamba munali ndi mapaketi 10 pashelefu, ndipo lero mwawerenga mwapeza 18. Ndiye kuti atuluka ndi 10 kuphatikiza 120 kuchotsera 18, omwe ndi 112. Mukagawa ndi masiku 28, mupeza mapaketi 4 patsiku.

Musathamangire 4 ameneyu. Lisiti limanena zomwe munagula, silinena za mayi amene anabwera ndi ndalama m'manja n'kubwerera chifukwa shuga anali atatha. Ngati mwezi umenewo munakhala masiku 6 opanda shuga, ndiye kuti mapaketi 112 aja anatuluka m'masiku 22 okha, ndipo malonda anu enieni ndi pafupifupi mapaketi 5 patsiku. Wogawa ndi 28 amaodanso wochepa, shuga n'kuthanso msanga, mwezi wotsatira chiwerengero n'kutsikiratsikira, iye nkumati malonda avuta. N'chifukwa chake tsiku lililonse katundu akatha, lembani m'kope: "shuga watha", ndi deti lake.

Tsopano oda yake. Ngati mumakapikula kamodzi pasabata, mukufunika mapaketi 35. Onjezerani a masiku awiri, omwe ndi 10, kuopa kuti mvula itseka msewu kapena ku holoselo mukapeza kulibe. Akwana 45. Chotserani 18 omwe alipo, atsala 27. Apa ine ndingatenge mabelo awiri, poti shuga saonongeka akakhala pouma, pamwamba pa thabwa osati pasimenti. Akanakhala buledi ndikanatenga wochepera.

Werengani mapaketi, osati makwacha. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inasintha moti lisiti la ndalama zambiri silinatanthauzenso katundu wochuluka.

Chenjeraninso ndi malonda a kamodzi. Ngati wina anagula belo lathunthu la pamaliro kapena paukwati, lichotseni musanagawe, chifukwa sabata yamawa sabweranso.

Masamuwa amanamizanso nyengo ikamasintha. Malisiti a Juni, anthu atagulitsa soya ndi mtedza, sangakuuzeni za Febuluwale pamene ndalama yonse ikupita ku chimanga. Nyengo ikamatembenuka, tulutsani malisiti a mwezi womwewo chaka chatha muwaike pambali pa a masabata anayi aja. Akasiyana kwambiri, odani pang'ono kaye, ndipo pakatha masiku atatu muwerengenso zomwe zatsala pashelefu.