Momwe mungayankhire munthu wokwiya pafoni mukamagwira ntchito yolandira alendo

Tiyerekeze kuti mumalandira alendo pamalo ena ogona pa boma la Ntcheu, ndipo ndi sabata ya Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, pamene zipinda zimadzaza msanga. Bambo ena akuimba ali pamsewu wa M1, ndipo akukalipa chifukwa analipiriratu K45,000 pa Airtel Money koma mnzanu wawauza kuti dzina lawo mulibe m'buku.

Choyamba, asiyeni alankhule mpaka amalize, inu mukulemba dzina, tsiku ndi ndalama zimene akutchula. Musangoti zii, chifukwa pafoni sakukuonani ndipo angaganize kuti netiweki yaduka, muzivomera kuti "Ndikumva, bambo." Mawu akuti "Mtima pansi" muwapewe, ngakhale ndi amene amafulumira kubwera pakamwa, pakuti munthu amene ndalama zake sizikuoneka amawamva ngati mukuti vuto ndi mkwiyo wakewo.

Akapuma, tsitsani mawu, lankhulani pang'onopang'ono kuposa iwo, ndipo bwerezani dandaulo lawo: "Pepani kwambiri, bambo. Ngati ndamva bwino, munatumiza K45,000 Lachiwiri kulipirira chipinda cha usiku uno." Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Akayankha kuti "Eya, ndi zimenezo," mudziwe kuti ayamba kukumverani, koma akayambiranso nkhaniyo pachiyambi, ndiye kuti pali china chimene mwasiya, ndipo mufunse kuti n'chiyani. Musanene kuti "Sindinalipo ine" kapena kuloza chala mnzanu wa shifiti ya usiku, chifukwa kwa mlendoyo amene wayankha foni ndiye ofesiyo.

Kenaka funsani zinthu chimodzichimodzi. Apempheni awerenge nambala ya umboni imene ili mu uthenga umene analandira atatumiza ndalama, ndipo muwabwerezere manambalawo atatuatatu, chifukwa foni ikamadukaduka m'mapiri n'kosavuta kumva molakwa.

Musawasunge pafoni mukufufuza m'buku, popeza mayunitsi amene akuthawo ndi awo. Nenani kuti: "Ndiloleni ndione m'buku ndi kufunsa abwana, ndikuimbirani ndine pasanathe mphindi 10." Lonjezani kuimbako basi, osati chipinda kapena kubweza ndalama ngati mulibe mphamvu yotero. Nthawi ikakwana imbani ndithu, ngakhale yankho lisanapezeke, n'kuwauza pamene mwafika.

Akayamba kutukwana, achenjezeni kamodzi mwaulemu: "Bambo, ndikufuna kukuthandizani, koma mukapitiriza kutukwana ndidula foni ndipo akuimbirani abwana." Akapitiriza, dulani, lembani nthawi ndi mawu amene ananena, n'kupereka nambala yawo kwa abwana nthawi yomweyo.