Nkhuku zakula ku Area 25: kalembedwe ka malo ndi mahashitagi kuti ogula apafupi akupezeni

Nkhuku zoyera zikakwanitsa masabata 6, tsiku lililonse lomwe zagonanso m'khola zimadya phindu lanu. Chakudya zikudyabe, koma mtengo wake pamsika sukwera molingana ndi matumba omwe mukutsegula. Pa nthawi imeneyi mlimi safuna kutchuka dziko lonse. Akufuna munthu wa ku Nsungwi, wa ku Kanengo kapena wa ku Area 49, amene angakwere kabaza n'kudzatenga nkhuku zisanu dzuwa lisanalowe. Tsono alimi ambiri omwe ndimawayendera amaika chithunzi pa Facebook n'kulemba mawu awiri okha, akuti "zilipo, imbani". Kenaka pansi pamadzaza mafunso a "muli kuti?", ena ochokera ku Mzuzu, ena ku Joni, pamene mayi wa lesitilanti yemwe ali mtunda woyenda pansi sakudziwa n'komwe kuti pali nkhuku.

Chomwe chimasowa pa positi yotere ndi dzina la malo. Munthu wofuna katundu akatsegula Facebook amapita pa kagalasi kofufuzira paja n'kulemba zomwe zili m'mutu mwake, monga "nkhuku Area 25" kapena "broilers Lilongwe". Makinawo amayang'ana mapositi omwe ali ndi mawu ofanana ndi amenewo. Ngati inu simunalembe Area 25 paliponse, palibe chokulumikizani ndi wogulayo, ngakhale khola lanu litayang'anizana ndi geti lake. Ena amati malowo analemba pa chithunzi, pa kapepala kokongoletsedwa kaja. Musadalire zimenezo. Mawu opakidwa pa chithunzi si nthawi zonse makina ofufuzira amawawerenga, ndipo wogula yemwe bandulo yamuthera kapena netiweki ikumuvuta chithunzicho sichimutsegukira n'komwe. Malo alembedwe m'mawu enieni a positi, komanso pa mzere woyamba, chifukwa positi ikatalika foni imaidula n'kusiya `See more`, ndipo ndi ochepa amene amadina pamenepo.

Kulemba "Lilongwe" kokha sikukwanira. Mzinda wathuwu ndi wotambalala. Munthu wa ku Area 36 kapena ku Chinsapo kuti afike ku 25 ayenera kukwera minibasi ziwiri, kutsika kudepoti n'kukweranso ina, ndipo thiransipoti yokhayo imafufuta kutchipa konse kwa nkhuku yanu. Choncho malo muziwatchula kuyambira pafupi kumka patali: chizindikiro chomwe aliyense amachidziwa, dera, kenaka mzinda. Mwachitsanzo, pafupi ndi msika wa Nsungwi, Area 25, Lilongwe. Chizindikirocho chimathandiza woyenda pansi ndi wakabaza, dera limathandiza wofufuza, ndipo dzina la mzinda limagwira uja amene akungoyang'ana katundu mu Lilongwe monse. Ngati mumakasiya katundu kwa ogula, tchulani madera omwe mumafikako ndi maina awo. Mawu akuti "timapereka paliponse" palibe amene amawafufuza, koma "timafika ku Kanengo, Area 49 ndi Area 18" ndi maina atatu amene munthu angakupezereni.

Apa pali kanthu kena komwe ife a ku Lilongwe tiyenera kusamala nako. Maina athu a malo salembedwa mofanana ndi anthu onse. Wina alemba Nsungwi, wina Msungwi. Wina Mtandire, wina Mtandile. Pakamwa timangoti "ku 25", koma pofufuza ambiri amalemba Area 25. Musavutike ndi kutsutsana kuti kalembedwe kolondola ndi kati, si mayeso a sukulu. Lembani kamodzi mwa njira ina m'chiganizo, njira inayo muyiike kumapeto. Chimodzimodzinso dzina la katundu. Ambiri mwa ogula a m'tauni amafufuza m'Chingerezi, ena m'Chichewa, kotero mawu onse awiri akhalepo.

Tsopano hashitagi. Hashitagi ndi liwu lomwe kutsogolo kwake kwaikidwa chizindikiro cha `#`, ndipo likalembedwa bwino limasintha mtundu n'kukhala lodinika. Munthu akalidina amaona mapositi ena omwe ali ndi liwu lomwelo. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti pasakhale mpata pakati. Mukalemba `#Area 25` hashitagi imathera pa `#Area`, 25 ija imatsala payokha, ndipo positi yanu yalowa m'gulu lopanda tanthauzo. Zoyenera ndi `#Area25`. Zizindikiro za m'kalembedwe nazo zimaidula. Oweta ng'ombe izi zimawagwera kawirikawiri: `#ng'ombe` imaduka pa kankhodolero kaja n'kutsala `#ng`, choncho lembani `#ngombe`. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizisintha kanthu, `#area25` ndi `#Area25` ndi chimodzi, koma zazikuluzo zimathandiza maso mukalumikiza mawu, monga `#NkhukuLilongwe`. Mukamaliza kuposita yang'anani ngati liwu lonse lasintha mtundu. Ngati lasintha theka lokha, laduka, konzani.

Musanagwiritse ntchito hashitagi iliyonse, yambani mwaidina nokha muone zomwe zili mkatimo. Anthu a ku Area 49 amadziwa kuti kwawoko kuli malo otchedwa Dubai ndi Shire, koma mukalemba `#Dubai` positi yanu imamira pakati pa zithunzi za nyumba zosanja za kwa Aluya, ndipo palibe wa ku Gulliver, ku Area 49 komweko, amene angaipeze. Pamenepo ndi bwino kulemba `#Area49`, Dubai ikhale m'chiganizo pafupi ndi dzina la dera. Nayo `#LL`, ngakhale ife timaidziwa kuti ndi Lilongwe, kunja kuno imaimira zinthu zambirimbiri. Kumbali inayi, hashitagi yopeka nokha, ya dzina la bizinesi yanu, imathandiza makasitomala akale kupeza mapositi anu onse pamodzi, koma mlendo sangaifufuze poti sakuidziwa.

Ine ndimalangiza mahashitagi atatu, akachuluka asanu: imodzi ya dera, imodzi ya mzinda, imodzi ya katundu. Mzere wautali wa `#love #business #blessed #Africa` umangobweretsa malayiki a anthu akutali omwe sadzagula ngakhale dzira limodzi, ndipo positi imaoneka ngati ya anthu akuba pa intaneti. Ndinenenso poyera kuti pa Facebook, pomwe ogula athu ambiri ali, anthu sadina mahashitagi kwambiri ngati pa TikTok ndi Instagram. Pa Facebook ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mawu a m'chiganizo, hashitagi ndi yongothandizira.

Tiyeni titenge mlimi amene ali ndi nkhuku 100 ku Area 25, zomwe zikwanitse masabata 6 Loweruka likudzali. Mtengo womwe ndaikawu ndi wongoyerekeza, inu muika wanu wa tsikulo. Positi yake ingakhale yotere:

```
Nkhuku zoyera (broilers) zikugulitsidwa pafupi ndi msika wa Nsungwi, Area 25, Lilongwe.
Zamasabata 6, zamoyo kapena zososola. K12,000 imodzi.
Zilipo 100, kuyambira Loweruka pa 14.
Timafika ku Kanengo, Area 49 ndi Area 18 mukagula 10 kupita m'tsogolo.
Msungwi, chickens for sale
#Area25 #Lilongwe #nkhuku
```

Onani kuti mzere woyamba wanyamula katundu ndi malo, ndiye ngakhale positi itadulidwa, chofunika chaoneka kale. Tsiku lalembedwa chifukwa makina ofufuzira amatha kutulutsa positi yakale, ndipo munthu amadzaimba foni patatha miyezi iwiri nkhuku zitatha. Mtengo uli poyera. Chizolowezi cha "mtengo ku inibokosi" chimathamangitsa wogula wachangu, amene akuyerekeza alimi atatu nthawi imodzi ndipo asankha amene wanena zonse. Nambala ya foni muiwonjezere pansi pake. Positi yotere iyambe kutuluka nkhuku zili ndi masabata 5, kuti ofuna zambiri asungitsiretu, kenaka muibwereze ndi chithunzi chatsopano tsiku loyamba kugulitsa. Zikatha, bwererani pa positiyo mulembe pamwamba kuti zatha.

Zonsezi sizigwira ntchito ngati positi ndi yotsekedwa. Pansi pa dzina lanu pali kachizindikiro kakang'ono. Kakakhala ka timitu ta anthu, ndiye kuti akuona ndi anzanu okha, `Friends`, ndipo mlendo sangaipeze ngakhale atalemba mawu enieniwo. Kakhale kampira ka dziko, `Public`. Gulu la Facebook lomwe lili `Private` nalo mapositi ake amaonedwa ndi mamembala okha, kotero muziikanso positiyo pa peji kapena pa akaunti yanu. Sitetasi ya WhatsApp ndi nkhani ina: imaonedwa ndi okhawo amene munasungirana manambala, imachoka pakatha maola 24, ndipo hashitagi kumeneko siidinika. Malo alembenibe pa sitetasi, chifukwa mnzanu akaijambula n'kuitumiza ku gulu la kumpingo kapena la banki m'khonde, oona adziwe komwe kuli katundu.

Pali batani linanso la malo, `Check in` pa Facebook ndi `Add location` pa Instagram. Ligwiritseni ntchito posankha dera kapena msika wapafupi, osati pakhomo panu penipeni. Kulengeza kuti pa nyumba yakutiyakuti pali nkhuku 100 ndipo Loweruka pakhala ndalama ndi kuitana akuba. Wogula wosamudziwa mukumane naye pa siteji kapena pamsika, ndipo akati watumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, onani balansi yanu musanapereke katundu, osangokhulupirira uthenga. Kusalowetsa aliyense kukhola kumatetezanso nkhuku zotsala ku chitopa ndi matenda ena omwe amayenda ndi nsapato za anthu.

Kuti mudziwe ngati mwalemba bwino, pakatha maola angapo bwerekani foni ya munthu amene si mnzanu pa Facebook. Foni yanu ingakunamizeni, chifukwa imakonda kukuonetsani zanu zomwe. Lembani "nkhuku Area 25", sankhani `Posts`, muone ngati mukutuluka. Ngati simukuoneka, yambani ndi kachizindikiro ka `Public`, kenaka kalembedwe ka dzina la malo. Ngati mukuoneka koma oimba foni ndi a kutali okhaokha, ndiye kuti Lilongwe kapena Malawi wamveka kwambiri kuposa dera, kwezani dera pa mzere woyamba. Ndipo m'kope lomwe mumalembamo chakudya ndi katemera onjezani mzere umodzi: aliyense wogula mumufunse komwe akuchokera ndi momwe wakupezerani. Pofika gulu lachiwiri la nkhuku mudzakhala mukudziwa madera oti muziwatchula ndi oti muwasiye.